Kulandira K4,200,000 lero kapena kudikira K12,000,000 ya kukhoti

Munthu amene anavulala pa ngozi ya pamsewu akamva kwa loya wake kuti kampani ya inshuwalansi yavomera kupereka ndalama zakutizakuti kuti nkhani ithere kunja kwa bwalo la milandu, choyamba chimene amachita ndi kuyerekeza ndalamazo ndi zija anauzidwa tsiku loyamba kuti khoti lingathe kugamula. Akaona kuti zimene akufuna kumupatsazo sizikufika ngakhale theka, mtima umamuwawa, ndipo abale amene akhala naye pamkeka amathirirapo ndemanga kuti anthu amenewo akufuna kumudyera masuku pamutu. Nthawi zina abalewo amakhala akunena zoona. Komabe kuyerekeza kotereku kumasocheretsa, chifukwa ndalama za kampani zija ndi zoti zilowe m'manja mwezi uno kapena wamawa, pamene za kukhoti ndi nambala yolembedwa papepala, imene isanafike m'thumba iyenera kudutsa pa zipata zingapo, ndipo pa chipata chilichonse imasiyapo kenakake. Zoyenera kuika pasikelo ndi ndalama zimene munthu atsale nazo akavomera lero, ndi zimene angatsale nazo mlandu utatha, onse oyenera kulipidwa atalipidwa, zaka zitadutsa.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze nkhani imodzi ndipo tiitsatire mpaka kumapeto. Nkhaniyi si ya munthu weniweni, ndipo ndalama zimene nditchule ndi zongoyerekeza, koma kayendedwe kake ndi kamene milandu yotere imayendera. Bambo wina wa ku Khombedza amapikula usipa wouma n'kumakagulitsa pa Kamuzu Road ku Salima. Tsiku lina chakumadzulo ali panjinga pa msewu wa M5, cha kufupi ndi Kaphatenga, minibasi inamuwomba chakumbuyo. Mwendo unathyoka pansi pa bondo, anagona m'chipatala milungu isanu, anakhala ndi chikhakha miyezi itatu, ndipo mpaka lero amatsimphina ndipo sangathe kupalasa njinga yolemedwa ndi dengu. Loya wake anakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe, kumene milandu ya kuvulala kwakukulu ya m'chigawo chapakati imapita kawirikawiri, ndipo anasumira dalaivala, mwini minibasi komanso kampani ya inshuwalansi, pakuti lamulo la zapamsewu m'Malawi limalola wovulala kusumira kampaniyo mwachindunji. Atayang'ana zigamulo zaposachedwa za anthu ovulala mofanana, loyayo anati khoti likhoza kupereka chipukutamisozi cha K12,000,000, kuphatikiza za ululu, za kulumala, za zinthu zimene bamboyo sangathenso kuchita, ndi za bizinesi imene yalowa pansi. Patatha chaka chichitikire ngozi, kampani ija yalemba kalata yakuti ipereka K4,200,000 kuti nkhani ithe.

Chipata choyamba ndi chakuti mlandu ukhoza kuwina kapena kuluza, ndipo pakati pa ziwirizi pali njira yachitatu imene anthu ambiri saidziwa. Wodandaula ndiye ali ndi udindo wosonyeza khoti kuti dalaivala anayendetsa mosasamala. Bambo wathuyu ali ndi lipoti la apolisi lonena kuti dalaivala ankathamanga kwambiri, ndipo iye amaliona ngati chigamulo chimene chatha kale. Koma wapolisi amene analemba lipotilo sanaone ngozi ikuchitika, anafika anthu atazungulira kale, choncho loya wa mbali inayo akhoza kunena kuti zolembedwamo ndi zongomva, makamaka ngati wolembayo sanabwere kudzafunsidwa mafunso. Umboni wolemera ndi wa munthu amene anaona ndi maso, monga mayi wogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu, amene lero alipo koma chaka chamawa akhoza kukhala atakwatiwa ku Dwangwa ndipo nambala yake ya foni sikupezekanso. Komanso dalaivala akunena kuti kunali kutayamba mdima, njinga inalibe chowalitsa kumbuyo, ndipo dengu la usipa linatulukira kwambiri mumsewu. Khoti likakhulupirira zina mwa zimenezi likhoza kugamula kuti onse awiri analakwa, n'kuchotsa pa chipukutamisozi gawo lolingana ndi kulakwa kwa wovulalayo. Likati iye analakwa magawo 30 pa 100, K12,000,000 ija imatsika kufika pa K8,400,000.

Loya woona mtima sanena kuti mlandu uwu tawina kale. Chimene angathe kuchita ndi kupereka mlingo, ndipo wodandaula ali ndi ufulu womufunsa mosapita m'mbali kuti pa milandu khumi yofanana ndi uwu, ingati imene akuona kuti ingawine. Tinene kuti yankho ndi lakuti isanu ingawine yonse, itatu ingawine koma mochotsera gawo lija, ndipo iwiri ingaluze. Masamu ake ndi osavuta. Milandu isanu ya K12,000,000 ikupereka K60,000,000, itatu ya K8,400,000 ikupereka K25,200,000, ndipo iwiri yoluza sikupereka kanthu. Zonse pamodzi ndi K85,200,000, ndipo tikagawa pa khumi tikupeza K8,520,000. Nambala imeneyi si ndalama imene bamboyo adzalandire, pakuti iye ali ndi mlandu umodzi wokha ndipo udzagwera kumodzi mwa njira zitatuzo, koma ndi mtengo wa mlanduwo lero ukamayezedwa ndi mwayi wake. Poona apa, K4,200,000 ya kampani ija ikuoneka yochepa ndithu, chifukwa sikufika ngakhale theka la K8,520,000, ndipo abale aja akuoneka kuti ananena zoona.

Chipata chachiwiri ndi chimene chimasintha nkhani yonse, ndipo ndi chimene ndimaona kuti anthu amachilumpha kwambiri. Chigamulo si ndalama. Khoti limanena kuti uje alipire zakutizakuti, koma silitulutsa ndalamazo m'thumba mwake, ndipo funso lakuti adzalipire ndani liyenera kufunsidwa mlandu usanapite patali. Pangano lililonse la inshuwalansi limakhala ndi malire a ndalama zimene kampani ingapereke, ndipo m'zigamulo zambiri za makhoti athu za ngozi za pamsewu malire a K5,000,000 akhala akutchulidwa. Tinene kuti inshuwalansi ya minibasi ija ilinso ndi malire omwewo. Tanthauzo lake ndi lakuti ngakhale khoti ligamule K12,000,000, kampaniyo idzapereka K5,000,000 n'kusamba m'manja, ndipo K7,000,000 yotsalayo bambo wathu adzayenera kukaifuna kwa mwini minibasi ndi dalaivala. Dalaivala amakhala nyumba ya lendi ndipo alibe chilichonse choti masherifu angalande. Mwini wake ali ndi minibasi imodzi yomweyo, yakale, imene pofika nthawi ya chigamulo ikhoza kukhala itaikidwa pamiyala kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, kapena itagulitsidwa kwa munthu wina. Masherifu akhoza kulanda katundu ndi kumugulitsa, koma katundu wogulitsidwa pa okushoni sapeza mtengo wabwino, ndipo pa ndalama zopezekazo pamachoka zolipira ntchito yolandayo.

Tinene, mokomera bamboyo, kuti kwa mwini minibasi kungapezeke K1,500,000. Ndiye kuti kaya khoti ligamule K12,000,000 kaya K8,400,000, zimene zingafike m'manja ndi chimodzimodzi, K5,000,000 ya kampani ndi K1,500,000 ya mwini galimoto, zonse K6,500,000. Mwayi wowina mwa njira iliyonse unali magawo asanu ndi atatu pa khumi, choncho mtengo wa mlandu watsika kuchoka pa K8,520,000 kufika pa K5,200,000. Apa pakuonekanso chinthu china chodabwitsa, chakuti mkangano wa kuti njinga inali ndi chowalitsa kapena ayi, umene ungadye masiku a khoti ndi maulendo a mboni, sungasinthe ngakhale tambala imodzi pa zimene bamboyo angalandire, chifukwa nambala zonse ziwiri zapitirira kale zimene zingatoleredwe. N'chifukwa chake chikalata choyamba chimene loya ayenera kuitanitsa kukambirana kukayamba ndi pangano la inshuwalansi lenilenilo, kuti aone malire ake ndi maso, aonenso ngati ndalama zolipira maloya zili mkati mwa malirewo kapena zili padera, pakuti mapangano ena amalemba kuti zonse zichokere mu mphika umodzi womwewo.

Za ndalama zoyendetsera mlandu anthu amamva mwachidule kuti woluza ndiye amalipira, ndipo nthawi zambiri ndi momwemo, ngakhale kuti khoti lili ndi mphamvu yogamula mwina. Koma wowina sabwezeredwa zonse. Ndalama zimene woluza amalamulidwa kulipira zimawerengedwa ndi rejisitirala wa khoti motsata mlingo wake, ndipo zimatha kuchepera pa zimene munthu anagwirizana ndi loya wake, moti kusiyanako kumachoka pa chipukutamisozi. Tiike K600,000 pamenepa. Ndiye pali maulendo. Kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo munthu wa ku Khombedza kuti akafike kukhoti nthawi ya m'mawa ayenera kulawira kusanache kapena kukagona konko kwa wachibale. Akatenga mboni, thiransipoti ndi chakudya cha mboniyo zili pa iye, ndipo tsiku limenelo usipa sugulitsidwa. Ulendo wina amakafika n'kuuzidwa kuti woweruza ali ku msonkhano, kapena loya wa mbali inayo ali ku khoti lina, ndipo nkhani yaimitsidwa mpaka tsiku lina. Maulendo asanu ndi atatu a K60,000 uliwonse ndi K480,000. Pomaliza pali chiopsezo chija cha magawo awiri pa khumi chakuti aluza n'kulamulidwa kulipira maloya a mbali inayo, zimene titati ndi K2,000,000, kulemera kwake pasikelo lero ndi K400,000. Zitatuzi pamodzi ndi K1,480,000, ndipo tikazichotsa pa K5,200,000 patsala K3,720,000. Mlandu uja unkaoneka wa K12,000,000 tsopano watsika kale kuposa zimene kampani ikufuna kupereka, ndipo sitinayambe kuwerenga nthawi.

Nthawi imataika m'malo angapo. Mlandu wa kuvulala kawirikawiri umayenda pawiri, pakuti woweruza amayamba wagamula za amene analakwa, kenako nkhani imapita kwa rejisitirala kuti awerenge kuchuluka kwa chipukutamisozi, ndipo gawo lililonse limafuna tsiku lakelake pa kalendala ya khoti. Umboni ukatha kumvedwa, chigamulo chimadikiridwanso. Woluza akhoza kuchita apilo ku bwalo la apilo, lomwe ndi lalikulu kuposa onse m'dziko muno, n'kupempha kuti kulipira kuyambe kwaima. Palinso zosayembekezereka, monga mmene m'chaka cha 2012 ogwira ntchito m'makhoti ananyanyalira ntchito kwa miyezi yoposa iwiri milandu n'kuima. Palibe loya amene angalonjeze tsiku, koma kuika zaka zitatu kuchokera lero mpaka tsiku limene ndalama zingalowe mu akaunti sikukokomeza.

Zaka zitatu m'dziko lathu lino si nkhani yongodikira chabe, chifukwa kwacha sikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi magawo 44 pa 100, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Aliyense amene ankagula malata kapena feteleza pa nthawiyo akukumbukira zimene zinatsatira. Titati mitengo ya zinthu ikukwera ndi magawo 25 pa 100 chaka chilichonse, chinthu cha K100,000 lero chidzakhala pa K125,000 chaka chamawa, K156,250 chaka chinacho, ndi K195,000 ndi kanthu m'chaka chachitatu, kutanthauza kuti ndalama idzakhala itataya pafupifupi theka la mphamvu yake. K3,720,000 yolandira patatha zaka zitatu ikufanana ndi K1,900,000 ya lero.

Apa loya wochenjera adzatsutsa, ndipo kutsutsa kwake kuli ndi maziko. Makhoti athu powerenga chipukutamisozi cha ululu ndi kulumala amayang'ana zigamulo zaposachedwa ndipo amaganizira kugwa kwa kwacha, moti kuvulala kumene lero kungapatse K12,000,000 kukhoza kudzapatsa zoposa pamenepo patatha zaka zitatu. Zimenezo n'zoona, koma zimathandiza pokhapokha ngati pali munthu wokhoza kulipira nambala yokwerayo. Malire a inshuwalansi aja sakwera ndi mitengo ya zinthu, analembedwa K5,000,000 ndipo adzakhalabe K5,000,000 ngakhale thumba la chimanga litafika pati. Kwa bambo wathu, chaka chilichonse chodikira chikukweza nambala ya papepala kwinaku chikudya ndalama yeniyeniyo ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Komanso chigamulo chikatuluka koma wolipira n'kumazengereza, chiwongoladzanja chimene lamulo la makhoti limaika pa ngongole ya chigamulo ndi magawo 5 okha pa 100 pachaka, zomwe sizingapikisane ndi kukwera kwa mitengo. Ndipo ngati podikirapo banja lakhala likukongola ku banki nkhonde kapena kwa akatapila kuti lipeze chakudya ndi fizi ya ana, ndiye kuti kudikirako kuli ndi mtengo wina woposa umene tawerengawu.

Choncho pa nkhani iyi, mmene taiyalira, kukana K4,200,000 n'cholinga chokamenyera K12,000,000 kungakhale kutaya. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti bamboyo asaine mawa lomwe, chifukwa nayo kampani ili ndi sikelo yake, ndipo amene akuidziwa sikeloyo amakambirana ali ndi mphamvu. Kampaniyo ikudziwa kuti pa magawo asanu ndi atatu pa khumi idzalipira K5,000,000 yonse, zomwe pasikelo ndi K4,000,000, ndipo pamwamba pake idzalipira maloya ake kwa zaka zitatu, mwinanso ndi gawo la ndalama za loya wa wodandaula. Zonsezi zikaphatikizidwa zimapitirira K4,200,000 imene yatchula, ngakhale kuti kuchedwa kumaikomera chifukwa idzalipira ndi kwacha yofooka. Ndiye pali mpata woti loya ayankhe kuti mwini nkhani alandira K5,000,000 yonse, ndalama za loya zilipidwe padera, ndipo zonse zilowe pasanathe masiku 30. Nambala yoyamba imene mbali ina yatchula kawirikawiri siikhala yomaliza, monga mmene zimakhalira pogula ng'ombe, ndipo kuyankha ndi nambala ina sikuswa ubale uliwonse. Makalata okambirana zothetsa nkhani amalembedwa mwa njira yakuti asadzagwiritsidwe ntchito ngati umboni wovomera kulakwa, choncho kutchula ndalama yocheperapo pokambirana sikufooketsa mlandu ngati zokambiranazo zalephereka.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha kuti tione mmene sikelo imatembenukira. Tinene kuti imene inawomba bamboyo si minibasi ya munthu mmodzi koma thiraki ya kampani yaikulu yonyamula katundu, yokhala ndi magalimoto ambiri ndi ndalama kubanki. Umboni ndi womwewo, mwayi ndi womwewo, maulendo a ku Lilongwe ndi omwewo. Koma tsopano zimene inshuwalansi singalipire, mwini thiraki angathe kulipira, ndipo akakana khoti likhoza kulamula banki yake kuti ipereke ndalamazo kuchokera mu akaunti yake. Mtengo wa mlandu ukubwerera pa K8,520,000, ndipo tikachotsa K1,480,000 ija patsala K7,040,000. Kuchedwa kukupwetekabe, koma osati ngati poyamba, popeza nambala imene khoti lidzawerenge idzakwera ndipo pali woilipira. Pamenepa K4,200,000 ndi yochepa zedi, ndipo munthu amene angathe kupirira akhoza kuikana n'kufuna zoyandikira K6,500,000. Kuvulala ndi kumodzi, mwendo ndi womwewo, koma yankho lasiyana chifukwa cha thumba la wolipira. Zimenezi sizikoma kuzimva, ndipo ine sindinganene kuti ndi chilungamo, koma amene akuyeza ayenera kuyeza zinthu mmene zilili.

Mawu akuti amene angathe kupirira ndi ofunika kuwamvetsa. Masamu a milandu khumi aja amayenera kampani, imene ilidi ndi milandu yambirimbiri ndipo ikaluza uwu imawina winawo. Munthu wamba ali ndi mlandu umodzi, ndipo magawo awiri pa khumi aja akamugwera samuchotsera pang'ono chabe, amamusiya wopanda kanthu ali ndi ngongole pamwamba. Mphunzitsi amene akulandirabe malipiro mwezi ndi mwezi akhoza kudikira zaka zitatu n'kuyesa mwayi wake. Wogulitsa usipa amene mpamba wake unathera kuchipatala, amene K4,200,000 ingamutsegulire kagolosale koti azigulitsa atakhala pansi, sakulakwitsa akalandira zocheperapo pa zimene masamu akunena, chifukwa iye akugula chitsimikizo, ndipo chitsimikizo chili ndi mtengo wake.

Pali zinthu ziwiri za nthawi zimene zimakokera mbali zosiyana. Choyamba ndi chakuti si bwino kutseka nkhani thupi lisanaonetse kumene lathera. Munthu akasaina fomu yakuti walandira zonse ndipo sadzafunanso kanthu, nkhani imatsekeka, ndipo ngati patatha miyezi isanu ndi umodzi fupa lapezeka kuti silinalumikizane n'kufunika opaleshoni ina, palibe kobwerera. Ndalama zimene zimatchulidwa munthu akadali ndi chikhakha ziyenera kukayikiridwa pa chifukwa chimenechi, ndipo lipoti la dokotala loyenera kudalira ndi lolembedwa chithandizo chitatha, lofotokoza kulumala kumene kwatsala. Chachiwiri chimatsutsana ndi mwambi wathu uja wakuti mlandu suwola. Kubwalo la amfumu mwina suwoladi, koma m'malamulo olembedwa mlandu wofuna chipukutamisozi cha kuvulala uyenera kukalembetsedwa kukhoti pasanathe zaka zitatu chichitikire ngoziyo, pamene milandu yambiri ya ngongole ndi mapangano ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kulemberana makalata ndi kampani pakokha sikuimitsa kuwerenga kwa zakazo. Amene wakhala akuuzidwa kuti fayilo yanu ikuonedwa mpaka zaka zitatu kukwana asanasume amatsala alibe chowopsezera, ndipo ndalama ija inatchulidwa ikhoza kuchotsedwa pathebulo. Kusuma sikutseka khomo la kukambirana, kumangoteteza ufulu wa wodandaula pamene kukambiranako kukupitirira.

Ndipotu khoti lenilenilo limafuna kuti anthu ayambe ayesa kumvana. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya chipukutamisozi ndi mapangano ku bwalo lalikulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, amati milandu yambiri idutse kaye pa mkhalapakati isanamvedwe. Mkhalapakatiyo amakhala woweruza, zokambidwa m'chipindamo ndi zachinsinsi, ndipo zikakanika mlandu umapita kwa woweruza wina amene sanamve zimene munakambirana. Ambiri amapita kumeneko ngati kukakwaniritsa mwambo, koma ndi tsiku limene mbali zonse zimakhala pamodzi mapepala ali pathebulo, ndipo wodandaula amene wafika akudziwa kale nambala yotsika kwambiri imene angalandire, ndi chifukwa chake, amapindula nalo tsikulo. Nambala imeneyo ndi yofunika kuigwirizana ndi loya, ndiponso ndi a kunyumba, musanakwere basi ya ku Lilongwe, osati kuiganizira pakhonde la khoti.

Chigamulo chovomera kapena kukana ndi cha mwini mlandu, osati cha loya, ndiponso osati cha madobadoba amene amazungulira m'mawodi a zipatala kulonjeza kuti akuthamangitsirani fayilo. Loya amalangiza, koma sayenera kutseka nkhani popanda chilolezo cha amene akumuimirira. Ndi bwinonso kukumbukira, popanda kuganizira wina aliyense zoipa, kuti zofuna za loya ndi za mwini mlandu sizifanana nthawi zonse, pakuti amene amalipidwa potengera gawo la ndalama zolandiridwa akhoza kukonda kutseka msanga, pamene amene amalipidwa potengera ntchito imene wagwira sataya kanthu mlandu ukatalika. Mankhwala ake ndi kupempha mwaulemu kuona kalata yeniyeni yochokera ku kampani, ndi pepala losonyeza ndalama zonse, zochotsedwa chimodzichimodzi, ndi zotsala zoti zilowe m'manja. K4,200,000 imene loya adzachotsepo K500,000 ndi K3,700,000, ndipo imeneyo ndiyo iyenera kuikidwa pasikelo. Amene alibe ndalama zolembera loya akhoza kukapempha thandizo ku bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu, ndipo amene akuona kuti loya wake sakumuuza zoona akhoza kukadandaula ku bungwe la maloya m'dziko muno.

Tinene tsono kuti bambo wa ku Khombedza uja wamvana ndi kampani pa K4,800,000, ndalama za loya padera. Ntchito yotsala ili m'mawu a pepala limene asaine, ndipo ngati lalembedwa m'Chingerezi ayenera kuliwerengeredwa ndi kumasuliridwa mzere ndi mzere asanaikepo chala. Ayang'ane kuti pepalalo likumasula ndani. Ngati likunena kuti wakhululukira kampani, mwini minibasi ndi dalaivala onse pamodzi, ndiye kuti K1,500,000 ija inkayembekezeka kwa mwini galimoto yapita, ndipo ngati akufuna kudzaitsatirabe, pepalalo linene momveka kuti akutseka nkhani ndi kampani yokha. Ayang'anenso tsiku lolipira, chifukwa lonjezo lopanda tsiku limabwezera munthu ku kudikira komwe amathawa kuja, ndipo ngati ndalama zibwere pang'onopang'ono, palembedwe kuti gawo limodzi likaphonyedwa zotsala zonse zifunike nthawi yomweyo. Wovulalayo akanakhala mwana wosakwana zaka zodziimira payekha, mgwirizanowo ukanafunika kuvomerezedwa ndi khoti, osati ndi makolo okha. Popeza mlandu wa bamboyu unalembetsedwa kale, loya wake apemphe kuti mgwirizanowo ukasainidwe ndi khoti n'kukhala chigamulo chogwirizana, kuti masiku 30 akadutsa ndalama zisanalowe asayambenso mlandu watsopano, koma angotenga chigamulocho n'kupita nacho kwa masherifu.